Kona ya nyumba ikadukira kunja kwa chithunzi, yambani mwakoka chingwe

Funso: "Ndinajambula nyumba ya njerwa yosanjikiza nditaima chapakona, koma nsonga ya kona yapamwamba inadukira kunja kwa chithunzi. Kubwererako sindingathe. Ndinawonjezera malo pamwamba n'kuuza Photoshop kuti idzaze yokha, koma njerwa zatuluka zokhotakhota ndipo khoma likungosungunukira m'thambo. Ndingaibwezeretse bwanji konayo kuti munthu asazindikire?"

Yankho:

Konayo ibwerera, ndipo muli ndi mwayi chifukwa pa zinthu zonse zimene zimadukira kunja kwa chithunzi, kona yapamwamba ya nyumba ndi imene imasiya mboni zambiri. Pali mizere itatu imene ikuloza pamalo amodzi: m'mphepete mwapamwamba mwa khoma lakumanzere, m'mphepete mwapamwamba mwa khoma lakumanja, ndi msana wa kona womwe ukukwera kuchokera pansi. Pamene itatuyi ikukumana ndi pamene nsongayo ili. Mmisiri womanga saika njerwa asanakoke chingwe, ndipo nanunso ntchito yanu yoyamba ndi kupeza malo amenewa, osati kudzaza.

Chida chimene munagwiritsa ntchito, `Content-Aware Fill`, chinabwera mu Photoshop CS5 m'chaka cha 2010. Chimagwira ntchito potapa tizigamba ting'onoting'ono m'malo ena a chithunzi n'kutilumikiza pamene pali mpata, chikuyang'ana kuti mtundu ndi maonekedwe a kachigamba kalikonse zifanane ndi zoyandikana nazo. Pa thambo, pa udzu kapena pa mchenga chimachita bwino zedi. Koma sichidziwa kuti makoma awiri amakumana pa nsonga, ndiponso sichidziwa kuti mzere uliwonse wa njerwa uli ndi kapendekekedwe kake. Chikafika pa mpata wanu chimatenga njerwa zam'munsi, zomwe zinagona mwina, n'kuziika pamwamba pomwe zikufunika kugona mwinanso. Musachitaye, tichigwiritsa ntchito pa thambo.

Tiyeni titenge chitsanzo chokhala ndi manambala, inu mudzangoikamo anu. Tinene kuti chithunzi ndi cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali. Bwererani pa chithunzi chakale, ndipo musanawonjezere chilichonse tsegulani `Window > Info` ndipo muonetsetse kuti ikuwerenga m'mapikiselo. Mukamayendetsa mausi, X imakuuzani mtunda kuchokera kumanzere, pamene Y imakuuzani mtunda kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mu GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, manambala omwewa amaoneka m'munsi mwa windo, chakumanzere.

Yambani ndi khoma lakumanzere. Pezani pamene m'mphepete mwake mwatulukira pamwamba pa chithunzi, tinene pa X 1650, pomwe Y ndi 0. Kenako tsikani ndi m'mphepete momwemo mpaka kutali ndithu, pamalo pooneka bwino, tinene pa X 400 ndi Y 500. Zikutanthauza kuti poyenda mapikiselo 1250 cham'mbali, khomalo lakwera mapikiselo 500. Msana wa kona uli pa X 2200, ndipo poti uli pafupi ndi pakati pa chithunzi, waima pafupifupi chilili. Kuchokera pa 1650 kukafika pa 2200 patsala mapikiselo 550. Chitaninso chimodzimodzi kumanja: m'mphepete mwatulukira pa X 2600, ndipo pa X 3600 mwatsika kufika pa Y 550. Kuchokera pa 2600 kubwerera pa kona pali mapikiselo 400.

```
500 / 1250 = 0.40    550 x 0.40 = 220
550 / 1000 = 0.55    400 x 0.55 = 220
```

Makoma onse awiri agwirizana kuti nsonga ili mapikiselo 220 pamwamba pa m'mphepete mwa chithunzi. Malo awiri oyezerawo muzisankha otalikirana. Mukayeza pa kachidutswa ka mapikiselo 100 n'kuphonya ndi mapikiselo 3 okha, pofika pa kona mwaphonya ndi oposa 16. Pa kachidutswa ka 1250 kuphonya komweko sikufika ngakhale pa 2.

Pa chithunzi chenicheni manambala awiriwo sagwirizana ndendende chonchi. Wina akati 214 wina 226, ine ndimatenga pakati n'kupitiriza. Koma wina akati 180 wina 250, imani kaye, chilipo chimene chalakwika. Nthawi zambiri ndi lenzi: malenzi otenga malo aakulu, monga aja a m'mafoni, amatha kupinda mizere yowongoka imene ili m'mbali mwa chithunzi, ndipo m'mphepete mwa khoma lanu muli m'mbali momwemo. Gonekani mzere wowongoka pa m'mphepetemo. Ngati ukukhudza kumapeto konse kuwiri koma pakati ukusiya mpata, khomalo lapindika ngati uta, ndipo muyambe mwaliwongola ndi `Filter > Lens Correction` musanayezenso. Chifukwa china n'chakuti msana wa kona wapendekeka chifukwa munaloza kamera m'mwamba. Zikatero nsonga siili pa 2200 ayi, yasunthira chapakati. Tsatirani msanawo ndi mzere mpaka kunja, musangoganiza kuti waima chilili. Chachitatu n'chakuti mwina mwayeza zinthu ziwiri zosiyana, kumanzere mwatsata pamwamba pa simenti koma kumanja mwatsata mzere womaliza wa njerwa.

Tsopano mukudziwa kukula kwa malo ofunika. Nsonga ikufuna 220, ndipo pamwamba pake payenera kukhala thambo lokwanira kuti nyumba isaoneke ngati yagunda denga la chithunzi. Ndingawonjezere 500 onse pamodzi, 280 otsalawo akhale thambo. Dinani kaye kaloko kamene kali pa leya ya `Background`, yomwe ndi chithunzi chanu chakale, kuti malo atsopano akhale opanda kanthu, apo ayi Photoshop iwapaka mtundu. Kenako pitani pa `Image > Canvas Size`, chongani `Relative`, lembani 500 pa `Height` ndi 0 pa `Width`. Pa `Anchor` pali timabokosi 9, ndipo mudine kapansi kapakati kuti chithunzi chikhale pansi, malo akule m'mwamba. Anthu ambiri amaiwala apa, n'kupeza kuti 250 yapita pamwamba ndi 250 pansi. Samalaninso kuti musasokoneze ndi `Image Size`, yomwe imakoka chithunzi chonse. Mu GIMP ndi `Image > Canvas Size` yomweyo: masulani katcheni kolumikiza m'lifupi ndi m'litali, lembani 3500 pa `Height`, ndipo pa `Offset` ikani Y pa 500. Kanivasi tsopano ndi 4000 kwa 3500, ndipo ma Y onse amene munayeza awonjezeka ndi 500. Nsonga ya kona yagwera pa X 2200 ndi Y 280.

Pangani leya yatsopano pamwamba pa zonse, muitche kuti zingwe. Leya ili ngati pepala loonekera mkati limene mwasanjika pa chithunzi, moti zimene mwalembapo sizikhudza zam'munsi. Ndi `Line Tool` yoikidwa pa `Pixels` kokani mizere itatu ija ndi mtundu wowala, monga wofiira kapena wobiriwira, yonenepa mapikiselo 2, iliyonse kuyambira kutali mkati mwa chithunzi mpaka kudutsa pa nsonga. Zingwezi zikakumana pamene masamu ananena, mtima ukhale m'malo. Muona chinthu cholimbitsa mtima: gawo la nyumba limene likusowa ndi kachigawo ka ngodya zitatu, kotambalala 950 m'munsi ndi kotalika 220. Ndi mapikiselo pafupifupi 104,500 pa mapikiselo 2,000,000 amene mwawonjezera, kungopitirira pang'ono magawo 5 pa 100 alionse. Zotsala zonse ndi thambo.

Thambolo ndi limene liyambe, ndipo lidzaze malo onse atsopano, ngakhale kuseri kwa pamene kona idzakhale. Mukatero, podzadula m'mphepete mwa khoma simupeza timipata toyera pakati pa njerwa ndi thambo. Sankhani malo opanda kanthuwo ndi `Rectangular Marquee Tool`, mulowerere mapikiselo 10 mpaka 20 m'chithunzi chakale kuti chida chipeze polumikiza, n'kutsegula `Edit > Content-Aware Fill`. M'windo limeneli malo opakidwa zobiriwira ndi amene chidacho chikuloledwa kutapamo. Fufutani zobiriwirazo pa nyumba yonse, pa mitengo ndi pa mawaya, patsale thambo lokha. Pa `Output To` sankhani `New Layer`. Pamwamba penipeni pa njerwa zodulidwazo patuluka zothimbirira, koma musavutike nazo chifukwa kona iziphimba. Pa leya yatsopanoyo fufutani thambo limene lagwera pa nyumba m'mapikiselo olowerera aja.

Thambo lopanda mitambo ndi lovuta kuposa la mitambo, ngakhale limaoneka losavuta. Limayera chakumunsi ndipo limadera likamakwera, ndiye chida chikatapa buluu wam'munsi n'kumuika pamwamba, pamatuluka mawanga ofooka ngati nsalu yosuluka. Pothana ndi zimenezi, chepetsani zobiriwira zija kuti zingotsala m'mapikiselo 300 kapena 400 apamwamba, kapena tengani lamba wa thambo wam'mwambayo n'kumukokera m'mwamba ndi `Ctrl+T`. Kukoka kumatalikitsa timadontho ta chithunzi, ndiye musapitirire kuwirikiza kawiri. Timadonthoto tibwereranso kumapeto.

Tafika pa njerwa, pamene pagona ntchito yeniyeni. Yang'anitsitsani khoma lakumanzere. Mizere ya njerwa imene ili pa msinkhu wa maso anu yagona mowongoka. Imene ili pamwamba pake ikukwera polowera ku kona, ndipo mzere uliwonse ukukwera kwambiri kuposa wam'munsi mwake. Chifukwa chake n'chakuti kona ndiyo inali pafupi ndi kamera, moti njerwa za pa kona ndi zazikulu kuposa za kutali. Pa chitsanzo chathu, mzere umodzi wa njerwa pamodzi ndi simenti yake ndi mapikiselo 44 pa kona, koma pa X 1650 ndi 40. Kusiyana kwa 4 kumeneku kumaunjikana mzere ndi mzere. N'chifukwa chake `Clone Stamp Tool`, yomwe imangokopa malo ena n'kuwadinda pena osawasintha, siingathe ntchitoyi payokha. Njerwa zimene mwatapa m'munsi zibwera ndi kapendekekedwe ka m'munsi.

Mpata wa 220 ukulowa mizere 5 ya mapikiselo 44. Koma musakweze chigamba ndi mizere 5. Pa kamangidwe kofala, njerwa yapamwamba imakhala pakati pa njerwa ziwiri zam'munsi, kotero maonekedwe amabwereza pakatha mizere iwiri. Mukakweza ndi nambala yosagawika pawiri, pa msoko padzakhala mizere iwiri yotsatizana yomwe mipata yake yoimirira yalunjikana, ndipo aliyense amene anaonapo khoma aona kuti chilipo chachilendo ngakhale sangathe kuchitchula. Pa kona penipeni m'pamene zimaonekera kwambiri, chifukwa pamenepo njerwa zimasinthana, mzere uwu mbali yaitali, wotsatira mutu. Choncho kwezani ndi mizere 6. Pa kona ndi 6 kuchulukitsa ndi 44, yomwe ndi 264. Pa X 1650 ndi 6 kuchulukitsa ndi 40, yomwe ndi 240.

Pa leya ya chithunzi chakale, sankhani chigamba cha khoma lakumanzere lokha, kuyambira pa X 1650 mpaka pa msana wa kona, ndi kuyambira pamene chithunzi chinadukira kutsika mapikiselo 350. Dinani `Ctrl+J` kuti chipite pa leya yakeyake, muikweze pamwamba pa leya ya thambo, n'kutsitsa `Opacity` kufika pa 50% kuti muzionera zam'munsi. Kwezani chigamba chonse ndi 240, kenako ndi `Edit > Transform > Skew` gwirani kabokosi kapakati ka mbali yakumanja n'kukakweza ndi 24 ena. Popeza chigambacho ndi chachitali 350, m'munsi mwake mutsala mapikiselo pafupifupi 90 mpaka 110 ogona pa njerwa zakale. Pamenepo ndi pamene muziyang'ana: mizere ya simenti ya chigamba igone ndendende pa ya m'munsi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ngati ikugwirizana mbali imodzi koma mbali ina ikuoneka iwiriiwiri, simunapendeketse mokwanira. Ngati munaloza kamera m'mwamba, njerwa zimachepanso pang'ono zikamakwera, ndiye mufunika `Distort` kuti mukankhe makona apamwamba a chigamba padera. Yesetsani kumaliza zonsezi musanadine `Enter`, chifukwa nthawi iliyonse imene mwatsimikiza kusintha, pulogalamu imawerengeranso mapikiselo ndipo chigamba chimafooka pang'ono. Mu GIMP, `Unified Transform` imachita zonsezi pakamodzi.

Chigambacho chikwera ndi kachidutswa ka thambo kapena ka simenti yapamwamba pa ngodya yake yakumanzere. Musade nkhawa, kameneko kagwera kunja kwa chingwe ndipo kadulidwa. Chovuta ndi pamene m'mapikiselo 350 amenewo muli zenera kapena paipi yopingasa. Zikatero yambani mwaphimba zeneralo pa kope la chigamba, kapena katengeni njerwa mizere 8 kapena 10 m'munsi, n'kuwerengera kukweza kwa mbali zonse ziwiri mofanana ndi mmene tachitira. Mukapita kutali kwambiri, kupendeketsa kumachuluka ndipo mtundu wa njerwa umayamba kusiyana.

Khoma lakumanja lichitidwe palokha, ndi chigamba chakechake chochokera kumanja komweko, kuyambira pa msana wa kona mpaka pa X 2600, kukwezanso mizere 6. Apa mbali yakumanzere ya chigamba ndi imene ikwere kwambiri. Pali chiyeso chimene chimagwira anthu ambiri, chotenga khoma limene lakonzedwa kale n'kulitembenuza ngati pa galasi kuti likhale linzake. Ine ndinachitapo zimenezi ndili wongoyamba kumene, pa chithunzi chimene munthu wina ankafuna kuchiika m'felemu. Pa kompyuta ndinkaona ngati zili bwino. Chitasindikizidwa, nsonga ya nyumba inaoneka yaphwatalala ngati katoni yotambasula, chifukwa makoma onse awiri anali owala mofanana pamene m'munsi mwake lina linali padzuwa, lina mumthunzi. Kona imaoneka kuti ndi kona chifukwa cha kusiyana kwa kuwala kumeneku. Kapendekekedwe nakonso sikangagwirizane, poti kumanzere ndi 0.40 pamene kumanja ndi 0.55.

Ngati pamwamba pa khoma pali lamba wa simenti, ameneyo saloledwa kuchokera m'munsi. Amachokera cham'mbali, pa gawo lake limene likuoneka. Kopani kachidutswa ka lambayo kuyambira pa X 1100 mpaka 1650, n'kukatsetsereza motsata chingwe mpaka kakafike pa nsonga. Poti kakuyandikira kamera, kayenera kunenepa. Ngati lambayo ndi wonenepa 60 pa X 1650, pa kona akhala 66, molingana ndi 40 ndi 44 uja wa njerwa, ndiye kakuzeni kufika pafupifupi 110%. Kokani chingwe chachiwiri chotsata m'munsi mwa lambayo kuti muone ngati mbali zonse ziwiri zikukumana pamalo amodzi pa msana wa kona. Musaiwale kamthunzi kamene lamba amagwetsa pa mzere woyamba wa njerwa. Kakopeni pamodzi ndi lambayo, chifukwa popanda iko simentiyo ioneka ngati yongopakidwa utoto.

Njira ina ilipo, ya `Filter > Vanishing Point`. Mumadina makona anayi a chinthu chimene mukudziwa kuti pakhoma ndi cha ngodya zowongoka, monga zenera, ndipo pulogalamu imayala ukonde wotsata khomalo. Ukondewo ukakhala wabuluu ndiye kuti wavomerezeka, ukakhala wachikasu kapena wofiira pali kona imene simunaike bwino. Mukautambasula mpaka kunja, chidindo cha m'windo limenelo chimakuza ndi kupendeketsa njerwa chokha. Mu GIMP chofanana nacho ndi `Perspective Clone`. Pa mpata waukulu, monga khoma lonse la mizere 20, njirayi imapulumutsa nthawi. Pa kachigawo ka mizere 5 ine ndimakonda zigamba, chifukwa ndimaona simenti ikugona pa inzake ndi maso anga, ndipo zenera laling'ono likapereka ukonde wophonya pang'ono, kuphonyako kumakula pofika kutali.

Tsopano dulani. Bwezerani `Opacity` pa 100%, ikani maleya a njerwa ndi lamba m'gulu limodzi, ndipo ndi `Pen Tool` kapena `Polygonal Lasso Tool` tsatirani zingwe: kuchokera m'mphepete mwakumanzere, kukwera pa nsonga, kutsika kumanja, n'kutsekera m'munsi mkati mwa njerwa zakale. Sandutsani chosankhidwacho kukhala masiki ya gululo. Masiki imabisa popanda kufufuta, moti mukaphonya mungabwezeretse ndi burashi yoyera. Msoko wam'munsi musausiye kukhala mzere wopingasa pamene chithunzi chinadukira. Ndi burashi yakuda pa masiki, uyendetseni motsata simenti ya pakati pa njerwa. Diso limayembekeza kale kuti mtundu usinthe pa simenti, ndiye msoko ukabisala mmenemo suoneka, pamene wodutsa pakati pa njerwa umaonekera patali.

M'mphepete mwa khoma latsopano mudzakhala mwakuthwa ngati lumo, ndipo kamera sijambula choncho. Kuzani chithunzi kufika pa 400% pamene m'mphepete mwakale mukukumana ndi mwatsopano, n'kuwerenga kuti pali mapikiselo angati osakanikirana pakati pa simenti yeniyeni ndi thambo lenileni. Kawirikawiri amakhala awiri kapena atatu. Dinani masiki, ndipo mu `Properties` kwezani `Feather` pang'onopang'ono, kuyambira pa 0.5 mpaka cha m'ma 1.5, kufikira mbali ziwirizo zitafanana. Zithunzi za pafoni nthawi zambiri zimakhala ndi kamzere kowala kotsata m'mphepete, kobwera chifukwa foniyo inanola chithunzi. Ngati kalipo pa khoma lakale, kayenera kupitirira pa latsopano, apo ayi kathera panjira n'kuloza pamene mwayambira. Nsonga yeniyeniyo iphwanyeni pang'ono ndi burashi ya mapikiselo 3 kapena 4, chifukwa simenti ya panja simakhala yosongoka ngati singano.

Chimene chimaulula zigamba kwambiri ndi mapasa. Njerwa ija yopsa kwambiri, ija yothyoka pangodya, dontho lija la mbalame, zonsezi tsopano zikuoneka kawiri, motalikirana mizere 6 ndendende. Chepetsani chithunzi kuti chikwane pa sikirini, n'kufufuza chilichonse chimene chili ndi mnzake. Pa leya ina yatsopano, ndi `Clone Stamp Tool` yoikidwa pa `Current & Below`, phimbani mapasa a m'chigambawo njerwa imodziimodzi, mukutapa pa njerwa ina ya mzere womwewo kuti kapendekekedwe kasasinthe. Simufunika kusintha njerwa zonse, zitatu kapena zinayi zokopa maso ndi zokwanira. Muonenso zipsera za madzi a mvula. Zimayambira pansi pa lamba n'kutsika zikuzilala, ndiye ngati pamwamba pa chithunzi chakale panali mkwasa wakuda wotsika pakhoma, uyenera kupitirira m'mwamba mpaka pa lambayo, ukudera pang'ono.

Kenako timadontho. Chithunzi chilichonse cha kamera chili ndi timadontho tonga mchenga, tooneka bwino pa thambo ndi mumthunzi. Pamene mwakoka kapena kupendeketsa, timadonthoti timasalala, ndipo gawo latsopano limaoneka loterera ngati pulasitiki. Pa leya ya thambo, kapena pa kope lophatikiza maleya atsopano, gwiritsani `Filter > Noise > Add Noise`, sankhani `Gaussian`, chongani `Monochromatic`, ndipo yambirani pa 1%, mukuyerekeza ndi gawo lakale pa 200%. Timadontho ta pulogalamu timakhala takuthwa kuposa ta kamera, choncho `Gaussian Blur` ya 0.3 kapena 0.5 pamwamba pake imatifewetsa kuti tifanane.

Poyesa ngati ntchito yatheka, ikani leya ya `Levels` pamwamba pa zonse n'kukoka timivi take iwiri takumapeto kuti tiyandikane kwambiri, chithunzi chioneke choipa dala. Kusiyana kwa mtundu kumene diso silikuona kumatulukira poyera: mzere wopingasa pa Y 500 pamene thambo lakale likukumana ndi latsopano, kapena chigamba cha njerwa chowala kuposa zinzake. Konzani leyayo ili yoyaka, kenako muizimitse. Yesaninso kutembenuza chithunzi chonse ndi `Image > Image Rotation > Flip Canvas Horizontal`. Diso limene lazolowera chithunzi kwa ola lathunthu limaona kupendekeka kwa kona msanga chikatembenuzidwa. Mukatha, chibwezereni.

Pali malire amene ndikufuna muwadziwe. Zingwe zimakuuzani pamene makoma akukumana, koma sizingakuuzeni ngati pa konapo panali nyale, mlongoti, chokongoletsa kapena mutu wa paipi ya madzi. Yang'anani makona ena a nyumbayo amene akuoneka, onani mthunzi wake pansi ngati ulipo, ndipo fufuzani zithunzi zimene munajambula mphindi yomweyo, ngakhale zosaoneka bwino. Chithunzi chimodzi chosalongosoka chimene chinagwira konayo chimathetsa mtsutso wonse, ndipo mwina chingakupatseni chigamba chenicheni. Ndipo pamene mizere siikukumana kunja, mwachitsanzo khoma lodulidwa cham'mbali popanda kachidutswa kalikonse ka msana wake kooneka, palibe masamu amene angakuuzeni pamene likuthera. Pamenepo mukupeka nyumba. Pa chithunzi chokongoletsera kapena cholengezera malonda zimenezo n'zololeka, koma pa chithunzi cha nkhani, cha umboni, cha inshuwalansi kapena chosunga mbiri ya nyumba, kona yomangidwa pa kompyuta isalowemo, ngakhale itatheka bwino chotani.

Sungani ntchitoyo ndi maleya ake onse monga PSD, kapena XCF mu GIMP, leya ya zingwe ili yozimitsa koma yosafufutidwa, ndipo JPEG muitulutse kamodzi kokha pamapeto. Kumbukirani kuti chithunzi chimene chinali 4:3 tsopano ndi 8:7. Ngati felemu kapena pepala likufuna 4:3, muyenera kudula 500 m'munsi, ndipo ngati m'munsimo muli zofunika, m'lifupi mukufunika kufika pa 4667, kutanthauza kuwonjezera mapikiselo pafupifupi 667 m'mbali. Onani zimenezi musanayambe kumanga, chifukwa m'mbalimo mungapezeke khoma lina lofunika zingwe zakezake.